Kondakitala wa manja onjenjemera

Lero ndikusimbirani za mnyamata wina amene ankagwira ntchito ya ukondakitala pa minibasi yoyenda pakati pa Limbe ndi Blantyre. Dalaivala wake ankangomuitana kuti Mfana, nafenso timutcha choncho. Musavutike kukamufunafuna pa depoti, Mfanayu ndi wa m'nkhani chabe. Koma zimene zichitike m'thupi mwake ndi m'thumba mwake zimachitikadi, ndipo amene mumagwira ntchito pa msewu mukhala mboni zanga.

Mfana anabwera m'tauni kuchokera ku Thyolo ali ndi zaka 20. Sukulu anaisiyira fomu 2 fizi itasowa, ndipo anadzafikira kwa achemwali ake ku Bangwe, mayi wogulitsa tomato ndi anyezi mu msika wa Limbe. Anayamba ndi kutsuka maminibasi. Kenako makondakitala akafuna kupumula ankamusiyira chitseko kwa ulendo umodzi kapena iwiri, uja amati ganyu. Dalaivala wina wachikulire, amene aliyense pa siteji ankamutcha Madala, anaona kuti mnyamatayu masamu amawatha ndipo salakwitsa chenje, n'kumutenga kuti akhale kondakitala wake.

Anthu ambiri timaona ngati ntchito ya kondakitala ndi kungokuwa ndi kutolera ndalama. Imvani mmene tsiku la Mfana linkayendera. Ankadzuka 4 koloko m'mamawa, chifukwa pofika 5 koloko minibasi iyenera kukhala itayamba kunyamula anthu opita ku ntchito. Kuchoka ku Limbe kudzera pa Maselema, pa Chichiri, pa Ginnery Corner, mpaka m'tauni, n'kubwereranso, tsiku lonse. Mpando wake weniweni unalibe. Minibasi ikadzaza ankapinda msana pa chitseko, mutu uli pamwamba pa mapewa a wokwera. Ndalama za mapepala ankazipinda m'litali n'kuzipanikiza pakati pa zala, ndipo m'mutu ankasunga kuti mayi a nsalu yobiriwira aja atsika pa Queens ndipo chenje chawo sichinaperekedwe.

Ndalama imene kondakitala amagwira tsiku lonse ndi yambiri, koma si yake. Yoyamba kuchotsa ndi ya mafuta. Yachiwiri ndi tageti, ndalama imene mwini galimoto amafuna kuti ifike m'manja mwake madzulo aliwonse, kaya kunagwa mvula, kaya kunalibe anthu. Pali ya anyamata oitanira pa siteji, amene boma linawaletsa m'chaka cha 2006 koma mpaka lero akadalipo ndipo amafuna yawo minibasi ikadzaza. Pali ya nsima ya masana. Zikalakwika pa msewu, pali ya chindapusa. Yotsala pamenepo ndi imene dalaivala ndi kondakitala amagawana, ndipo tsiku lina siitsala n'komwe. Choncho mnyamata wa zaka 20 amakhala kuti kuyambira m'bandakucha mpaka usiku zala zake zadzaza ndi ndalama, palibe risiti, palibe womuwerengera, ndipo malipiro ake amawadziwa 8 koloko usiku.

Chaka choyamba Mfana sankamwa. Akaweruka ankagula buledi n'kupita naye ku Bangwe. Koma pa ntchito imeneyi, nthawi yowerengera ndalama ndi yomweyonso imene anzako amayamba kumwa, ndipo malo ake ndi amodzi. Amaimika minibasi kuseri kwa golosale, amakhala pa benchi, amawerenga, ndipo wina amatuma mwana kukagula kabotolo. Usiku wina m'mwezi wa Juni, chiperoni chitagwira Limbe yense, Mfana anafika pa benchipo mawu atasasa chifukwa chokuwa, mano akugundana. Kondakitala mnzake anamupatsira kabotolo ka pulasitiki.

“Tamwa pang'ono, aise, utenthetse m'thupi. Ukufuna kufa ndi chibayo?”

Anamwa, pakhosi panatentha, ndipo anamvadi kufunda. Apa ndiime kaye, chifukwa bodza limeneli lapweteka anthu ambiri ogwira ntchito usiku, alonda ndi akabaza omwe. Mowa sutenthetsa thupi. Umatsegula timitsempha ta magazi ta pakhungu, magazi ofunda amathamangira kunja, munthu amamva ngati wafunda, koma kutentha kwa m'kati kumakhala kukutayika. N'chifukwa chake woledzera akagona panja m'nyengo yozizira amatha kupezeka atauma.

Mowa umene Mfana anayamba nawo si wa masese kapena Chibuku umene umadzaza mimba msanga. Unali uja woyera, waukali, umene kale unkabwera m'masacheti. Boma litaletsa masacheti, mowa womwewo unabwerera m'timabotolo ta pulasitiki, tija ambiri amati midoli. Kwa kondakitala kabotolo kameneka n'koopsa pa zifukwa zosavuta kumva: mtengo wake ndi wofanana ndi ndalama ya okwera ochepa chabe, kamalowa m'thumba la jekete osaoneka, ndipo amakagulitsa pafupi ndi siteji iliyonse.

Tiwerenge pang'ono, poti Mfana ankadziwa masamu a chenje koma awa sankawadziwa. Tiyerekeze kabotolo ka mamililita 200 ka mowa wa mphamvu ya 40 peresenti. Mowa weniweni umene uli mmenemo ndi wofanana ndi wa mabotolo pafupifupi asanu a mowa wa m'bala. Chiwindi cha munthu wamkulu chimachotsa mowa pang'onopang'ono, pafupifupi magalamu 10 pa ola, ndipo m'kabotolo kaja muli magalamu opitirira 60. Ndiye kuti kabotolo kamodzi kamafuna maola asanu ndi limodzi kapena kuposerapo kuti kathe m'magazi. Palibe tiyi, palibe kusamba madzi ozizira, palibe nsuzi wa mapazi umene ungafulumizitse chiwindi. Pamene Mfana anafika pomwa timabotolo tiwiri usiku uliwonse kuyambira 9 koloko, ankadzuka 4 koloko mowa ukadali m'magazi, n'kukatsegula chitseko cha galimoto yonyamula anthu.

Sizinachitike tsiku limodzi. Miyezi yoyamba ankagawana kabotolo kamodzi anthu atatu. Kenako kanali kake yekha. Kenako kamodzi kanasiya kumugwira, ndipo iye ankanyadira kuti mutu wake walimba. Anzake ankamutama kuti amamwa koma sadzandira. Omvera, munthu akayamba kufuna mowa wambiri kuti amve zomwe ankamva ndi wochepa, sikuti walimba. Ubongo wake wayamba kuzolowera kugwira ntchito mowa ulimo, ndipo posachedwa uyamba kukana kugwira ntchito mowa mulibe.

Nyengo ya kusowa kwa mafuta ndi imene inamumaliza. Mukukumbukira mizere ija pa malo omwetsera mafuta, ndi mmene zinthu zinakwerera mtengo Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Minibasi inkatha tsiku lathunthu, nthawi zina ndi usiku womwe, ili pa mzere. Madala ankapita kunyumba kukagona, n'kumusiya Mfana kuti alondere galimoto ndi kuisuntha mzere ukayenda. Mnyamata ali yekha m'galimoto yozizira, ndalama ya mafuta ili m'thumba, ntchito palibe, ndipo pa mzere womwewo pali makondakitala ena khumi amene ali chimodzimodzi. Kumeneko ndiye anaphunzira kumwa masana.

Tsiku lina m'mamawa pa Maselema, mayi wina anamupatsa K5,000. Mfana anati asolole chenje pakati pa zala, ndalama zonse zinangomwazikira pansi. Manja ankanjenjemera, thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kunali kozizira, mtima ukuthamanga. Atafika ku Limbe anauza mnzake uja, ndipo mnzakeyo anaseka.

“Amenewo ndi matsire basi. Mankhwala ake ndi omwewo. Tagwira apa.”

Anamwa makapu awiri a chitsekerero cha botolo, ndipo pasanathe theka la ola manja anakhazikika. Anasangalala kuti wapeza mankhwala. Kwa ine, m'nkhani yonseyi, m'mawa umenewu ndi woopsa kuposa tsiku limene anagwa. Munthu amene amanjenjemera m'mawa, n'kusiya kunjenjemera akamwa, sakudwalanso matsire. Thupi lake lagwidwa ndi mowa. Kuyambira pamenepo Mfana sankamwanso kuti asangalale. Ankamwa kuti athe kupereka chenje.

Zotsatira zake mukuzidziwa, sindichedwapo. Tageti inayamba kuperewera. Ankanama kuti apolisi a pamsewu anawagwira, kapena kuti wokwera wina anathawa osalipira. Anayamba kutukwana okwera pa nkhani ya K100. Buledi ku Bangwe anasiya kufika, foni anaipinyolitsa, ndipo chakudya chake chinali tchipisi cha pa chiwaya kamodzi pa tsiku, nthawi zina osadya n'komwe. Madala anamulangiza kangapo.

“Iwe Mfana, ine ndaona makondakitala ambiri pa msewu uno. Ena ndinakawaika m'manda ndekha. Fungo limene ukutulutsali ndikulidziwa.”

“Ayi Madala, ndi za dzulo izi. Lero sindinalawe.”

Mwini minibasi sanalankhule zambiri. Ndalama itaperewera kachitatu pa sabata imodzi anauza Madala kuti apeze kondakitala wina. Mfana anatsikira pa gulu la oitanira, kumene ndalama imabwera pang'onopang'ono tsiku lonse ndipo iliyonse ikangobwera imakathera kuseri kwa golosale.

Achemwali ake atamva kuti ntchito yatha, mtima unawapweteka, ndipo anachita zimene ambiri a ife tikanachita. Lachisanu madzulo anamulanda nsapato ndi ndalama, anamutsekera m'chipinda, n'kunena kuti: “Achimwene, simutuluka muno mpaka mowawu utakutherani m'thupi.” Anachita izi chifukwa chomukonda. Koma anatsala pang'ono kumupha.

Loweruka m'mawa Mfana ankanjenjemera thupi lonse ndipo anasanza phala limene anamupatsa. Usiku sanagone. Lamulungu m'mawa anakuwa kamodzi, n'kugwa pansi, thupi litauma, kenako n'kuyamba kuphupha, thovu lili kukamwa. Anthu oyandikana nawo anathamangira. Wina anati ndi khunyu, wina anati ndi malungo aakulu, mayi wina anati mwanayu amulodza anzake a ku depoti. Bambo wina anafuna kumupanikiza supuni m'kamwa kuti asalume lilime, mwamwayi achemwali anakana. Munthu akamaphupha musamuike kanthu m'kamwa. Chotsani zinthu zimene zingamuvulaze, ndipo akasiya mumugoneke cham'mbali kuti asatsamwe ndi masanzi.

Anamutengera ku chipatala chaching'ono cha m'deralo. Anamuyeza malungo, sanawapeze. Anamuyeza shuga, anapeza kuti watsika, poti munthu womwa kwambiri osadya shuga wake amagwa. Adokotala anafunsa funso limodzi limene linatsegula zonse.

“Mayi, achimwene anuwa amamwa mowa? Anamaliza liti kumwa?”

Achemwali anayankha monyadira pang'ono kuti amamwa, koma asiya, chifukwa iwo anawatsekera m'nyumba kuyambira Lachisanu. Adokotala anapukusa mutu n'kulemba kalata yowatumiza ku chipatala chachikulu.

Zimene adokotala anawafotokozera ndikufuna muzimvetse bwino, chifukwa ambiri sitizidziwa. Mowa umafooketsa ubongo. Munthu akamamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa miyezi, ubongo umadzikokera m'mwamba kuti uzigwirabe ntchito. Zili ngati dalaivala amene wazolowera kuponda mafuta mwamphamvu chifukwa mabuleki a galimoto yake akugwira okha. Tsiku limene mabulekiwo amasuka mwadzidzidzi phazi likadali pa mafuta, galimoto imauluka. Mowa ukachotsedwa kamodzin'kamodzi, ubongo umathamanga wopanda choubweza. Kunjenjemera, thukuta ndi kusanza zimayamba pakatha maola 6 mpaka 24 kuchokera pamene munthu wamaliza kumwa. Kuphupha kumakonda kubwera m'masiku awiri oyamba. Ndipo pa tsiku lachiwiri, lachitatu kapena lachinayi, ena amasokonezeka mutu kotheratu: sadziwa kumene ali, amaona zinthu zimene palibe, thupi limatentha, mtima umathamanga. Gawo lomalizali limapha ngati munthu salandira chithandizo.

Mfana analowa m'gawo limenelo ali kale m'chipatala, ndipo ndicho chinamupulumutsa. Usiku wa Lolemba ankaona mphemvu zikutuluka m'khoma n'kumamukwera m'miyendo. Ankakuwa kuti “Limbe! Limbe! Wotsala mmodzi!” kwinaku akukoka chitsulo cha bedi kuti atsegule chitseko. Anamwino anamupatsa dayazepamu, mankhwala okhazika ubongo amene amaperekedwa mochuluka masiku oyamba kenako n'kumachepetsedwa tsiku ndi tsiku mpaka kusiya, kawirikawiri pasanathe sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono. Anamubayanso vitamini B1, imene imasowa m'thupi la munthu womwa kwambiri, ndipo kusowa kwake kumatha kuononga ubongo mpaka munthu kumaiwala zimene zachitika mphindi zochepa zapitazo. Anamuikanso diripi. Dayazepamu ameneyu si wogula nokha n'kumakapatsa m'bale wanu kunyumba. Akaphatikizana ndi mowa amatha kuimitsa kupuma, ndipo nayenso munthu amatha kumuzolowera.

Patatha sabata anatuluka, atawonda, maso ali mbee, koma akuzindikira. Anthu a ku mpingo wa achemwali anabwera kudzapemphera, ndipo onse anati zatha. Sizinathe. Chipatala chimachotsa munthu pa ngozi ya masiku oyamba aja, koma sichichotsa chilakolako, ndipo sichichotsa benchi ya kuseri kwa golosale. Masabata otsatira Mfana sankapeza tulo. Ankakwiya ndi mwana akalira, ankakwiya ndi wailesi, chakudya sichinkamukomera. Zimenezi n'zachizolowezi, ndipo tulo timatha kutenga masabata angapo kapena miyezi kuti tibwerere m'malo mwake. Koma iye ankadziwa chinthu chimodzi chimene chikanamugonetsa pa mphindi khumi.

Anapirira masabata asanu ndi limodzi. Kenako anapita ku depoti kukafuna ganyu, anaipeza, ndipo madzulo anapezeka ali ndi ndalama m'manja pa benchi yomwe ija. Anzake sanamukakamize. Anangoti: “Wachira aise, takulandira.” Iye anati kabotolo kamodzi sikangamubwezere kuchipatala. Anamwa masiku anayi otsatizana, ndipo tsiku lachisanu achemwali anamupeza atagona m'ngalande pafupi ndi msika.

Pamenepa mabanja ambiri amataya mtima n'kunena kuti munthuyu safuna kusintha. Ine ndikuona mosiyana. Kubwerera ku mowa kumachitikira anthu ambiri amene akusiya, ndipo ena amene lero atha zaka osamwa anagwapo kangapo. Chofunika ndi kufunsa kuti wagwera pati, nthawi yanji, ali ndi ndani, m'thumba muli chiyani. Achemwali ulendo uno sanamutsekere. Anamutengera ku chipatala, adokotala anamuona, ndipo namwino woona za maganizo anakhala nawo pansi onse awiri n'kufunsa mafunso omwewo. Yankho linali loonekeratu: Mfana amagwa pakati pa 8 ndi 9 koloko usiku, pa malo owerengera ndalama, ndalama ya tsikulo ili m'manja.

Madala ndi amene anapeza njira. Anamva nkhaniyo, anakwera minibasi ya Bangwe tsiku lake lopumula, n'kukakhala pa khonde la achemwali. Anaulula kuti iwonso ali mnyamata anamwa mpaka laisensi inatsala pang'ono kuwathera, ndipo anasiya atagwetsera galimoto m'ngalande, mwamwayi munalibe anthu. Anati akachonderera bwana kuti amulole Mfana abwerere, koma pa malamulo awo.

Malamulowo anali ochepa. Pa mapeto pa ulendo uliwonse, minibasi ikangoima, Mfana azipereka ndalama yonse kwa Madala, n'kutsala ndi ya chenje yokha. M'mawa uliwonse azidya kaye, tiyi ndi mbatata kapena chinangwa, ndipo masana azidya nsima limodzi, chifukwa njala ndi chilakolako cha mowa zimayendera pamodzi. Madzulo asamawerengerenso ndalama kuseri kwa golosale. Aziwerengera m'galimoto, pa malo omwetsera mafuta pamene pali magetsi. Gawo la Mfana lisamafike m'manja mwake: Madala aziima pa ejenti n'kulitumiza pa foni ya achemwali. Ndipo pomaliza, Madala azimutsitsa pa siteji ya minibasi za ku Bangwe n'kudikira mpaka atakwera.

Mfana anakwiya. “Madala, ndiye kuti ine ndine mwana? Ndigwire ntchito tsiku lonse, ndalama yanga osaiona?”

“Ndalama yako ilipo, ukaifuna ukawafunse achemwali ako masana dzuwa likuwala. Imene ndikukana ine ndi ya 8 koloko usiku.”

Ena a inu mukuti kumeneku n'kumuchititsa manyazi munthu wamkulu. Zoona, n'zochititsa manyazi, ndipo zikanakhala zomukakamiza sizikanagwira. Zinagwira chifukwa mawa lake Mfana anavomera yekha. Chilakolako cha mowa chimabwera mwamphamvu, koma sichikhala pa mphamvu yomweyo usiku wonse. Chimakwera, kenako chimatsika. Munthu akakhala kuti pa nthawi imene chakwerayo alibe ndalama, sali pa benchi, ndipo ali m'minibasi yopita kwawo, amafika kunyumba chitaphwa. Malamulo a Madala sankachotsa chilakolako. Ankangoonetsetsa kuti chikabwera chipeze Mfana ali kutali ndi botolo.

Miyezi yoyamba inali yowawa. Podutsa pa golosale paja ankamva fungo ngakhale mawindo ali otseka. Anzake akale anayamba kumutcha “abusa”, ena ankati wadyetsedwa mankhwala ndi mlongo wake. Mmodzi ankamudikira pa siteji n'kumamuonetsa kabotolo kuchokera m'thumba la jekete. Anaphunzira yankho lalifupi: “Adokotala anandiletsa, ndinagwa nawo.” Anapeza kuti akanena za chipatala anthu amamusiya msanga kusiyana ndi akanena kuti sakufuna. Kamodzi pa mwezi ankapita kukaonana ndi namwino uja. Lamulungu, tsiku limene kale linali loopsa chifukwa ntchito imachepa, ankapita kukathandiza achemwali kusankha tomato, kenako madzulo kukaonera mpira pa bwalo la sukulu, osati pa kanema wa m'bala.

Anagwanso kamodzi, pa maliro a malume ake ku Thyolo, kumene kachasu ankayenda usiku wa mchezo. Anamwa usiku umodzi. Chosiyana ndi kale n'chakuti m'mawa mwake anaimbira Madala foni yekha n'kuwauza, ndipo Lolemba anali pa chitseko. Namwino anamuchenjeza chinthu chimene sankachidziwa: munthu akatha miyezi osamwa, thupi silipiriranso mowa wochuluka monga kale, ndipo akati amwe mlingo wake wakale ukhoza kumugonetsa osadzukanso. Anamuuzanso kuti amene anaphuphapo posiya mowa amakhala pa chiopsezo chachikulu chophuphanso akabwerera n'kusiyanso.

Pang'onopang'ono zinthu zinayamba kubwerera. Tulo tinabwera m'mwezi wachitatu. Manja anakhazikika. Thupi linabwerera moti buluku limene ankalimanga ndi chingwe linayamba kumukwana. Ngongole ya tageti ija bwana ankamudula pang'onopang'ono mpaka inatha. Achemwali ankaika gawo la ndalama zake ku banki mkhonde ya amayi a mumsika, ndipo pogawana kumapeto kwa chaka anamuombolera foni, yotsala n'kukalipira sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto. Sindikuuzani kuti lero ali ndi minibasi yakeyake, chifukwa alibe. Akadali kondakitala, ali ndi zaka 24, akadzukabe 4 koloko, ndipo ndalama ya madzulo ikupitabe pa foni ya achemwali. Iye mwini ndi amene anakana kuti asinthe. Mnzake amene anamupatsa kabotolo koyamba uja akadali pa benchi, maso ayamba chikasu ndipo mapazi akutupa, zizindikiro zoti chiwindi chatopa.

Dziko lathu lili ndi ndondomeko yoona za mowa imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 2017, ndipo lamulo limaletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18. Koma pitani pa depoti iliyonse 6 koloko m'mawa muone ngati kabotolo kakusowa. Inu eni maminibasi, mukamalandira tageti muzionako nkhope ndi manja a mnyamata amene wakubweretseraniyo. Kumuchotsa ntchito n'kosavuta, koma amene mulembe mawa akakhala pa benchi yomweyo. Inu adalaivala, ndinu amene mumayamba kumva fungo.

Ndipo inu makolo, achemwali, akazi a anyamata amenewa, ngati wanu amamwa tsiku lililonse, amanjenjemera m'mawa, ndipo amakhazikika akamwa, musamutsekere m'nyumba, musamumange, musamusiyitse nokha mwadzidzidzi. Pitani naye ku chipatala cha boma chimene muli nacho pafupi, mukauze adokotala mosabisa mowa umene amamwa, kuchuluka kwake, ndi nthawi imene wamaliza kumwa. Funsani za namwino woona za maganizo pa chipatala cha boma lanu. Chithandizo chapadera chimapezekanso ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Akayamba kuphupha, kubwebweta kapena kuona zinthu zimene inu simukuziona, musadikire kuti kuche, pezani galimoto nthawi yomweyo.